Chinangwa chowawa ku Mzuzu: chifukwa chake masiku awiri m'madzi sakwana

Funso: "Ndimakhala ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu. Chimanga chitakwera mtengo, alamu anga a ku Nkhata Bay ananditumizira thumba la chinangwa chowawa kuti ndipange ufa wa kondowole. Ndinachisenda, n'kuchiviika masiku awiri, n'kuchiyanika masiku awiri chifukwa ufa unali utatha m'nyumba. Titadya nsima yake madzulo, ana awiri anadandaula chizungulire ndi mutu, ndipo wamng'ono wa zaka ziwiri anasanza. Munali mu June. Ndinalakwitsa pati? Nanga kondowole tingamadye tsiku ndi tsiku osadwala?"

Mayi, ndiyambe ndi ufa umene watsala m'nyumbamo. Musauphikenso momwe uliri mpaka mutauchita zimene ndifotokoze kumapetoku, ndipo mwana wamng'onoyo musamupatsenso ngakhale phala lake. Sindingatsimikize ndili kutali kuti chimene chinadwalitsa ana ndi chinangwacho, chifukwa malungo ndi chakudya chowonongeka zimabweretsanso kusanza ndi mutu, koma anthu atatu kudwala nthawi imodzi, patangopita maola ochepa atadya nsima ya ufa umene unafulumizitsidwa chotero, ndi chizindikiro chimene ife ogwira ntchito ya zakudya sitichinyozera.

Chinangwa chilichonse, chozuna ndi chowawa chomwe, chili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa linamarini. Mankhwala amenewa paokha sapha, ndipo amakhala otsekeredwa m'timagawo ting'onoting'ono ta mnofu wa chinangwa. M'makoma a timagawo tomweto muli chinthu china chotchedwa linamarezi, chimene ntchito yake ndi kuswa linamarini. Chinangwa chikakhala chathunthu m'nthaka, ziwirizi sizikumana. Zimakumana pamene mnofu waphwanyika, kaya ndi mano a nguluwe, kaya ndi munsi, kaya ndi kufewa m'madzi, ndipo zikakumana ndi pamene poizoni wa sayanaidi amayamba kupangika. Mbewuyi imadziteteza motero kwa zilombo zofuna kuidya, ndipo n'chifukwa chake alimi ambiri a m'mphepete mwa nyanja amasankha dala mitundu yowawa ngati Gomani m'malo mwa yozuna ngati Mbundumali, amene ena amati Manyokola: anyani, nguluwe ndi akuba sachedwa nayo m'munda, ndipo ufa wake umatuluka woyera bwino. Ine sindiwanena alimi amenewa kuti amalakwa. Iwo amadziwa chimene abzala ndipo amadziwa kuchikonza. Vuto limabwera chinangwacho chikachoka m'manja mwawo n'kufika kwa munthu amene ali ndi njala lero lomwe.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti poizoniyu satuluka kamodzin'kamodzi. Amatuluka m'masitepe awiri. Linamarini akasweka amasanduka kaye chinthu chapakati, chimene akatswiri amachitcha sayanohayidirini, ndipo chinthu chapakatichi ndicho chimadzaswekanso n'kutulutsa sayanaidi weniweni, amene amauluka ngati mpweya kukangofunda kufika pa madigiri 26. Kuviika kumagwira sitepe yoyamba: chinangwa chikafewa, makoma aja amagumuka, linamarini amasweka, ndipo wina amasungunukira m'madzi. Kuyanika kumagwira sitepe yachiwiri: chinthu chapakati chija chimasweka pamene chinangwa chikuuma, mpweya woipawo n'kupita ndi mphepo. Tsono chinangwa choviikidwa chimasasa, ndipo m'malo osasa chinthu chapakatichi chimakhazikika, sichifulumira kusweka. Ngati simunayanike mpaka kuuma gwa, chimatsalira mu ufa, chimapirira ngakhale pamoto wa nsima, kenaka chimakasweka m'matumbo mwa munthu, mmene mulibe kusasa kuja. Inu munadula masitepe onse awiri. Masiku awiri m'madzi anangoyambitsa ntchito osaimaliza, ndipo masiku awiri padzuwa la June anasiya zimene zinayambikazo zili momwemo.

Apa ndi pamene Mzuzu akusiyana ndi kwa alamu anu. Kuchoka kuno kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50, koma msewu wonsewo umangotsika, kuchoka pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kukafika kunyanja kumene kuli pafupifupi mamita 500. Kufewa kwa chinangwa m'madzi ndi ntchito ya tizilombo tosaoneka ndi maso tofanana ndi timene timasasitsa thobwa, ndipo tizilombo timeneti timagwira ntchito mwachangu kukatentha, kukazizira timachita ulesi. Mayi wa ku Chintheche akaviika chinangwa mu October, pofika tsiku lachitatu chimakhala chitafewa. Inu mukaviika m'ndowa pakhonde ku Mchengautuwa mu June, pamene usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10 ndipo m'mawa kumacha ndi nkhungu, chinangwa chomwecho chingatenge masiku asanu, asanu ndi limodzi, ngakhale sabata yathunthu. Choncho munthu akakuuzani kuti "kwathu timaviika masiku atatu", mufunseni kuti kwawoko n'kuti ndipo ndi mwezi wanji. Chiwerengero cha masiku si muyeso. Muyeso ndi dzanja lanu.

Kayesedwe kake nkotere. Tengani chidutswa chachikulu kuposa zonse, osati chaching'ono, ndipo muchitenge pansi pa ndowa. Chifinyeni pakati pa chala chachikulu ndi zala zinazo. Chinangwa chimene chapsa m'madzi chimaphwanyika chonse mpaka pakati ngati mbatata yophika, mtsitsi wapakati uja umasololoka wokha osalimbana nawo, madzi amakhala atachita thovu pamwamba, ndipo fungo lake losasa limakupezani musanafike pandowa. Chimene sichinapse chimafewa kunja kokha, koma mukachithyola mumapeza mtima woyera wolimba umene umalira ngati chinangwa chachiwisi. Mtima umenewo ndiwo nkhokwe ya linamarini amene sanakhudzidwe n'komwe. Ndikukhulupirira kuti mukakumbukira bwino, zidutswa zanu munachita kuzidula ndi mpeni kapena kuzisinja mwamphamvu kuti muziyanike, pamene chinangwa chokonzeka chimangofumbutuka m'manja.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi chitsanzo, kuti muone kukula kwa nkhaniyi. Chinangwa chozuna chimakhala ndi mamiligalamu osapitirira 50 a sayanaidi pa kilogalamu imodzi ya chinangwa chachiwisi, pamene chowawa chimatha kufika mazana angapo. Tiyerekeze kuti cha alamu anu chinali ndi mamiligalamu 200. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya ufa mumafunika makilogalamu pafupifupi anayi a chinangwa chachiwisi, chifukwa gawo lalikulu la chinangwa ndi madzi. Ndiye kuti pakanapanda kuchoka kalikonse, kilogalamu ya ufayo ikanakhala ndi mamiligalamu 800. Muyeso umene mabungwe a WHO ndi FAO anaika pa ufa wa chinangwa woyenera kudya ndi mamiligalamu 10 pa kilogalamu. Kuchoka pa 800 kufika pa 10 ndiye kuti pa magawo 100 alionse a poizoni, pafupifupi 99 ayenera kuchoka. Kuviika mpaka kufewa kotsatana ndi kuyanika mpaka kuuma kumatha kufika pafupi ndi pamenepo. Kungosenda n'kuyanika zidutswa zikuluzikulu padzuwa osaviika, monga timachitira popanga makaka, kumatha kusiya gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, kumene pa chitsanzo chathu ndi mamiligalamu 200 kapena kuposa. Makaka a chinangwa chozuna alibe vuto lalikulu, koma makaka a chinangwa chowawa ndi msampha, chifukwa amaoneka oyera ndi ouma bwino pamene dzuwa linangoumitsa madzi linamarezi asanagwire ntchito.

Tsopano tinene kuti ufa wanu unatsala ndi mamiligalamu 60 pa kilogalamu, chimene sichingadabwitse pa chinangwa choviikidwa mwachidule. Mwana wa zaka ziwiri amalemera makilogalamu pafupifupi 12, ndipo sayanaidi amayamba kuopseza moyo kuyambira pa theka la miligalamu pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kumene kwa iye ndi mamiligalamu 6. Magalamu 100 a ufa wotere ali ndi mamiligalamu 6 omwewo. Mwamwayi si poizoni yense wa mu ufa amene amamasuka m'thupi, popeza linamarini wina amatuluka ndi mkodzo osasweka, ndiponso mwana samaliza ufa wochuluka chotero pa chakudya chimodzi. Koma mukuona nokha kuti mpata wake ndi wochepa, ndiponso chifukwa chake wamng'ono ndiye anasanza pamene akuluakulu mwina munangomva kulemera m'mutu. Mbale imodzimodzi imene bambo wa makilogalamu 60 angadzuke nayo bwinobwino ikhoza kugwetsa mwana.

Sayanaidi akalowa m'magazi amaletsa thupi kugwiritsa ntchito mpweya umene tapuma, ndipo ziwalo zimene zimamva msanga ndi ubongo ndi mtima. Zizindikiro zimayamba pakapita maola ochepa munthu atadya: chizungulire, mutu, mseru, kusanza, kupweteka m'mimba, nthawi zina kutsekula, ndi kufooka ngati munthu waledzera. Zikafika pa kupuma mothamanga, kusokonezeka mutu, kugona kosadzutsika kapena kugwa ngati wakhunyu, musadikire kuti kuche ndipo musataye nthawi ndi mkaka, makala kapena mankhwala azitsamba. Thamangirani kuchipatala chapafupi kapena ku Mzuzu Central, ndipo mukafika nenani mawu awa poyamba penipeni, kuti wodwalayo wadya nsima ya chinangwa chowawa nthawi yakuti. Mawu amenewo amafupikitsa ntchito ya dokotala, chifukwa popanda iwo aliyense amayamba kuganiza za malungo. Mwana wamng'ono akamasanza mobwerezabwereza, ngakhale popanda zizindikiro zoopsazo, apite naye ndithu.

Pali ngozi ina imene siibwera usiku umodzi. Anthu akamadya ufa wosakonzedwa bwino kwa masabata angapo motsatizana, ndiwo zili zoperewera, pamabuka matenda otchedwa konzo. Munthu amene anagona ali bwino amadzuka miyendo yonse iwiri itauma, akuyenda monyang'ama ndi zala za kumapazi, miyendo ikupingasana, ndipo kulumala kumeneku sikubwerera ngakhale atalandira mankhwala otani. Matendawa analembedwa koyamba ku Congo mu 1938, ndipo mu 1981 anagwira anthu oposa 1,000 m'chigawo cha Nampula kwa anansi athu ku Mozambique, nthawi ya chilala. Amakonda ana opitirira zaka ziwiri ndi amayi a msinkhu wobereka. Nkhani yake imafanana kulikonse kumene achitika: mvula yakanika, mbewu zina zafa, chinangwa chokha ndicho chatsala, ndipo chinangwa chimene chakula movutika ndi chilala chimakhala ndi poizoni wochuluka kuposa masiku onse. Njala imachititsa anthu kuvuula chinangwa chisanafewe, ndiwo nazo palibe. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, chifukwa chakudya chimodzi sichibweretsa konzo, koma kuti muone kuti kufulumira chifukwa ufa watha ndiyo njira yeniyeni imene matendawa amalowera m'nyumba.

Pa thumba lotsatira, chitani motere. Chinangwa chikafika musachisunge, chifukwa chikazulidwa chimayamba kuda mizeremizere pakangopita masiku awiri kapena atatu. Chisendeni mokwanira, kuchotsa khungu lofiirira lakunja pamodzi ndi chikopa chokhuthala cha mkati, popeza m'makoko ndimo muli poizoni wambiri kuposa mumnofu. Ena kunyanja amaviika chosasenda n'kudzasenda chitafewa, koma kuno kozizira ine ndimalangiza kusenda kaye. Dulani zidutswa zotalika ngati chala, ndipo mitsitsi yonenepa muing'ambe pakati, kuti zonse zifewere limodzi. Madzi amize chinangwa chonse, ndipo ngati zidutswa zina zikuyandama muzitsendereze ndi mwala wotsuka, chifukwa chimene chili pamwamba pa madzi chimada osafewa. Ndowa kapena mgolo muuike pamalo pamene dzuwa limafika masana, usiku muuvundikire ndi chiguduli kapena muulowetse m'khitchini yopita mphepo, koma osati m'chipinda chogona anthu. Musamasinthe madzi tsiku lililonse poganiza kuti mukutsuka poizoni, chifukwa madzi atsopano ozizira a pampopi amabwezera m'mbuyo kusasa kumene kukufewetsa chinangwacho. Amayi ena amathirako kapu ya madzi a chinangwa chimene anaviika kale kuti ntchito iyambe msanga, monga timachitira ndi thobwa, ndipo nzeru imeneyi ndi yabwino. Kuyambira tsiku lachitatu yambani kuyesa ndi dzanja, ndipo musavuule mpaka chidutswa chachikulu chitaphwanyika mpaka pakati.

Mukavuula, tsukani ndi madzi oyera, chotsani mitsitsi yapakati, finyani madzi m'thumba loyera, ndipo muphwanye chinangwacho kuti chikhale tizidutswa tating'ono musanayanike. Madzi oviikira aja mukatayire kutali ndi ana, nkhuku, mbuzi ndi chitsime. Yanikani pathandala kapena pamphasa yokwezedwa, mopyapyala, n'kumatembenuza kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo madzulo muzilowetsa chifukwa mame a kuno amabwezera chinyezi chonse chimene dzuwa linachotsa. M'nyengo yotentha masiku atatu kapena anayi amakwana, koma mu June ndi July, ndi mitambo ndi kamvula kowaza kaja, konzekerani sabata. Chouma bwino chimathyoka ndi kaphokoso ngati choko cha kusukulu, chimasiya fumbi loyera m'zala, ndipo sichizizira mukachigwira pakati. Chikamapindika kapena kumatirira m'mtondo, sichinaume. Zidutswa zimene zachita chuku chakuda kapena chobiriwira muzitaye, pakuti limenelo ndi vuto lina losiyana ndi sayanaidi.

Anthu ambiri amandifunsa ngati kuphika sikupha poizoniyu, poti timaphika nsima pamoto waukulu. Moto umapha linamarezi, amene ndiye bwenzi lathu pantchitoyi, koma linamarini amaupirira. Choncho kuwiritsa chinangwa chowawa chathunthu kumangotseka poizoni mkati, ndipo kukazinga kapena kuwotcha n'chimodzimodzi. Lilime limathandiza pa chinangwa chachiwisi, pakuti kuwawa kwambiri kumayendera limodzi ndi poizoni wambiri, ndipo alimi a kunyanja amadziwa kusiyanitsa mitundu mwa kungolawa kansonga n'kulavula. Koma pa ufa lilime silidalirika, chifukwa kusasa kumabisa kuwawa. Ufa wogula pamsika umene ukuwawa kapena kuyabwa pakhosi ndi wokayikitsa ndithu, komabe kusawawa si umboni wakuti uli bwino.

Ufa umene muli nawowo, ndi wina uliwonse umene simukudziwa amene anaukonza, ungathandizidwe ndi njira yonyowetsa, imene anaiyambitsa katswiri wa ku Australia dzina lake Howard Bradbury ndipo yagwiritsidwa ntchito m'midzi ya ku Congo imene munali konzo. Thirani ufa wa tsiku limenelo m'beseni, muusalaze, ndipo muike chizindikiro pamene walekezera. Thirani madzi pang'onopang'ono mukusakaniza. Ufa uyamba watsika, kenaka ukwera, ndipo mulekeze pamene ufa wonyowawo wafikanso pachizindikiro chija, wonyowa ponseponse koma osati phala. Uyaleni palichero kapena pathireyi mopyapyala, osapitirira sentimita imodzi, kumene ndi ngati kutalika kwa chikhadabo, ndipo muusiye maola awiri padzuwa kapena maola asanu pamthunzi pamalo opita mphepo. Kenaka phikani nsima tsiku lomwelo, mukuchepetsako madzi a mumphika. Chinyezicho chimadzutsa linamarezi amene anatsalira mu ufa, ndipo kupyapyalako kumapatsa mpweya woipa njira yothawira. Njirayi imachepetsa poizoni katatu mpaka kasanu ndi kamodzi, ndiye ufa wa mamiligalamu 60 ungatsike kufika pakati pa 10 ndi 20. Ili ndi malire ake: imagwira bwino pa ufa wosasasa kwambiri, ndipo siingasandutse ufa wa mamiligalamu 300 kukhala wabwino. Poti ufa wanu wadwalitsa kale ana, mukaunyowetsa muusakanize ndi ufa wa chimanga wochuluka kuposa wa chinangwawo, adye akuluakulu okha, ndipo wina akamvanso chizungulire muutaye osaumvera chisoni.

Funso lanu lachiwiri ndi limene ndimafuna anthu atamalifunsa kawirikawiri, chifukwa ngakhale chinangwa chitakonzedwa bwino kwambiri, chimakhalabe chakudya chopatsa mphamvu basi. Magalamu 100 a ufa wa chinangwa ali ndi galamu imodzi kapena awiri a mapuloteni, zakudya zomanga thupi zija, pamene mgaiwa wolemera chimodzimodzi uli ndi magalamu 8 kapena 9. Mafuta mulibemo, vitamini A mulibe mu chinangwa choyera, ayironi ndi zinki ndi zochepa, ndipo vitamini C amene ali mu chinangwa chachiwisi amatha ndi kuviika ndi kuyanika. Munthu wamkulu wa makilogalamu 60 amafunika magalamu pafupifupi 50 a mapuloteni pa tsiku. Akadya ufa wa mgaiwa wokwana magalamu 400 wapeza kale oposa 30 asanagwire ndiwo, koma akadya kondowole wa ufa wochuluka chomwecho wapeza magalamu 4 mpaka 8 okha. Banja likasintha kuchoka ku mgaiwa kupita ku kondowole, ndiwo n'kukhala zomwezo za masamba a mpiru ndi tomato, limakhala litataya gawo lalikulu la chakudya chomanga thupi popanda wina kuzindikira, chifukwa kondowole amakhala m'mimba nthawi yaitali ndipo aliyense amagona atakhuta.

Kuperewera kumeneku kumalumikizana ndi nkhani ya poizoni ija mwa njira imene imandichititsa chidwi mpaka lero. Thupi lili ndi njira yake yochotsera sayanaidi wochepa: limamumanga ndi salifa, n'kumusandutsa chinthu china chofatsa chimene chimatuluka ndi mkodzo. Salifa ameneyo thupi limamutenga ku mapuloteni, makamaka a nsomba, mazira ndi nyama, ndipo chinangwa chili naye wochepa zedi. Ndiye kuti chinangwa chimabweretsa poizoni koma sichibweretsa chochotsera chake, ndiponso salifa amene wapita kukachotsa poizoni ndi yemwe uja mwana akanakulira. Apa ndi pamene timaona nzeru ya anthu a kunyanja, amene kondowole wawo sayenda yekha koma ndi usipa, utaka kapena batala. Anthu a ku Usisya ndi ku Likoma adya kondowole mibadwomibadwo, ndipo chimene chawasunga ndi kuviika moleza mtima pamodzi ndi nsomba ya tsiku ndi tsiku. Amene watengera kondowole kumtunda n'kusiya nsomba kunyanja watenga theka la chakudyacho. Chinthu chofatsa chija nachonso chili ndi kachilema kake, kakuti chimapikisana ndi ayodini polowa m'chithokomiro, choncho pa nyumba yodya chinangwa kawirikawiri mchere ukhale wa ayodini nthawi zonse.

Ndiwo zake siziyenera kukhala zodula. Usipa wouma, oposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo poti timadya ndi minga yomwe umapatsanso kashiamu. Kadzanja kamodzi ka magalamu 30 kamapatsa munthu mapuloteni oposa amene ali mu kondowole wa tsiku lonse. Nyemba, nandolo, soya ndi nsinjiro zimathandiza kwambiri, ngakhale salifa wake safika pa wa nsomba ndi mazira, choncho ndi bwino kuzisinthanitsa. Chigwada, masamba a chinangwa chomwecho, chili ndi mapuloteni, ayironi ndi vitamini A zimene muzu ulibe, koma chili ndi linamarini wochuluka kuposa muzuwo. Chimene chimachipulumutsa ndi mtondo: masamba ali ndi linamarezi wambiri, ndiye mukasinja mpaka kusalala musanaike pamoto, poizoni amamasuka msanga, ndipo mukawiritsa kwa theka la ola kapena kuposa, mphika uli wosavundikira, amauluka. Chigwada chongodula ndi mpeni ngati repu n'kuponya m'madzi owira sichinakonzedwe.

Za mwana wa zaka ziwiriyo ndinene mosapita m'mbali: phala la ufa wa chinangwa wokha si chakudya cha mwana, ngakhale ufawo utakhala wopanda poizoni n'komwe. Pa msinkhu umenewu amafunika magalamu pafupifupi 13 a mapuloteni pa tsiku, ndipo kuti awapeze mu chinangwa chokha angafunike ufa woyandikira kilogalamu, umene kamimba kake sikangaulandire. Mwana wotere amakhuta koma sakula, ndipo pakapita miyezi mumayamba kuona tsitsi likufiira ndi kupyapyala, mapazi ndi nkhope zikutupa, sikelo ya kuchipatala itaima malo amodzi. Chimanga chochepa chimene mungakwanitse kugula chikhale cha phala lake, la mgaiwa wosakaniza ndi soya wokazinga kapena nsinjiro, muzithiramo supuni ya usipa wosinja kapena dzira ndi kadontho ka mafuta ophikira. Akafuna kulawa kondowole pamodzi ndi anzake, mbamu yaing'ono ya ufa wokonzedwa bwino, ndi nsomba pambali, siingamupweteke. Inuyo ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, dziwerengereni m'gulu lomwelo la mwanayo.

Kwa ena onse m'nyumbamo, kondowole wa tsiku ndi tsiku ndi wotheka ngati chinangwa chafewa mpaka pakati, chauma gwa, ndipo pambali pali nsomba, nyemba kapena dzira. Pamene ndalama yavuta, kusakaniza ufa wa chinangwa ndi mgaiwa theka ndi theka kumachepetsa poizoni wotsalira ndi theka, kumakweza mapuloteni a nsimayo kufika pa magalamu pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo thumba la chimanga limakhalitsa kawiri. Kuti musadzapezekenso mukuvuula chinangwa chosafewa chifukwa mphika ukudikira, werengerani masabata awiri kuchokera tsiku loviika kufika tsiku lopita kuchigayo m'miyezi yozizirayi, ndipo muwapemphe alamu anu kuti thumba lotsatira alitumize ufa wakale usanathe, kapena aliviike ndi kuliyanika konko kunyanja kumene kukutentha, libwere kuno litauma kale.